Tebulo Lobwereka

Make mapasa analakwitsa chitseko. Analowera cha kumbuyo, nsapato zazitali zili m'jumbo, nsalu yoteteza fumbi ili m'chiuno. Ntchito ya ulembi ankaifuna ndi mtima wonse, poti chimwalirireni mwamuna wake pakhomo panalibe wogwira ntchito.

Mlamu wake, mphunzitsi wokonda zowerengawerenga, anali atamulangiza dzulo lake. "Mlamu, intavyu ndi sewero. Pali pabwalo, pamene anthu akukuonani, ndiye pali kuseri, kumene mumavalira ndi kuyeserera mawu. Zakuseri zisaonekere pabwalo."

Koma sanamuuze zochita munthu akagwera kuseri kwa eni ake.

"Mayi inu, gwirani uku," anatero bambo wadazi, atavala patapata, akulimbana ndi tebulo lalikulu lobwereka ku ofesi yoyandikana nayo. Anamuyesa wosesa. Make mapasa anagwira, nanga akanatani?

Akupukuta tebulolo, anamva mayi wamagalasi, mkulu wa pamalopo, akugawa mbali. "Ine ndizimwetulira. Inu muzikwinya nkhope, mumufunse chimene anasiyira ntchito yakale."

"Kukwinyako n'kumene kumandivuta," anadandaula wadazi, akudziyang'ana pawindo.

Nthawi itakwana, make mapasa anazungulira nyumba, nakavula nsalu, nakavala nsapato, n'kugogoda kutsogolo. Kuseri kwa tebulo lija kunali mabwana awiri, wadazi ali mu jekete ndi tayi. Maso awo atakumana, wadaziyo anayang'ana kumbali.

"Takulandirani, mayi. Simunavutike kupeza malo ano?" anafunsa wamagalasi, ngati sanamuonepo chibadwire.

Mutu wa make mapasa unaima. Kodi amuiwaladi, kapena akumuyesa? Aulule kuti mafunso anawamva? Nanga patapata zija, zimene zinkasuzumira pansi pa kabati, aziona kapena asazione?

"Ayi, bwana, sindinavutike," anayankha, maso ali pa khoma.

Wamagalasi anafunsa za kutaipa ndi kusunga mafayilo, kenaka anatembenukira kwa mnzake. Wadazi anakwinya nkhope bwinobwino, koma mawu anamuthawa. Thukuta linayenderera padazi.

Make mapasa anamumvera chisoni. Mayiyu nayenso jekete limene anavala linali lobwereka ngati tebulo lija.

"Mwina bwana akudabwa ndi zaka ziwiri zimene sindinalembe pa kalata yanga," anatero modzichepetsa. "Ndinasiya ntchito kuti ndidwazike bambo a ana."

"Ndi zimene ndimafuna kufunsa," anatero wadazi mwaukali, koma maso ake akuthokoza.

Atamaliza, mabwanawo sanamuuze zotsatira. Anatuluka asakudziwa ngati wakhoza kapena wadziwotcha yekha. Ali pageti, wamagalasi anamuitana, osati kutsogolo koma pa chitseko cha kumbuyo chija.

"Ali ndi maso koma pakamwa n'potseka, ameneyo ndiye mlembi. Kuyambira Lolemba muzilowera kuno. Koma eni tebulo akulifuna tsopano lino."

Make mapasa anavula nsapato zazitali zija, n'kugwira mbali yake.