Mafuta a mu Tivi ya a Mainchesi

A Mainchesi anayamba ndi katebulo ka marimoti akale pakhonde la sitolo ya mwini wake. Lero sitoloyo ndi yawo, ndipo mativi makumi atatu amayaka pakhoma kuyambira m'mawa mpaka potseka. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a mumsewumo, poti munthuyu chilichonse amachiyeza ndi mainchesi, ngakhale mimba ya mnzake. Katundu amakasankha okha kutsidya kwa nyanja, ndipo mukawapatsa mpata akuuzani mayiko onse amene anapondamo, ndi ndege imene inawagwedeza kwambiri.

Chida chawo chachikulu pogulitsa chinali chinthu china cha mu tivi chimene iwo ankachitcha mafuta. Kampani iliyonse imachipatsa dzina lakelake lachizungu, koma ntchito yake ndi imodzi: kusalaza kayendedwe ka zithunzi. A Mainchesi ankaika mpira pa mativi awiri oyandikana, ina ya mafuta, ina yotsika mtengo imene inapangidwa yopanda mafutawo. Wogula akangoona mpira ukuuluka osagwedera pa ya mafutayo, nkhani inali yatha. Tivi iliyonse yotuluka m'sitolo mwawo inkatuluka mafuta ali odzaza.

Lachitatu analandira foni kuchokera kwa mwana wawo wamkazi, amene anakana kulowa m'sitolo n'kupita kukaphunzira zojambula mafilimu. Zaka zinayi abale ankangofunsa kuti mwana uja amapanga chiyani kwenikweni, ndipo a Mainchesi, munthu wosasowa mawu, pa funso limeneli lokha ankatsokomola. Tsopano filimu yake yoyamba inali itatha, ya mphindi makumi awiri, ndipo ankabwera nayo Loweruka.

"Ndaitana banja lonse," anatero a Mainchesi. "Aonere pa ya mainchesi makumi asanu ndi atatu kudza asanu. Ngakhale nsidze za ntchentche ziziwerengeka!"

"Adadi, ndili ndi pempho limodzi. Mafuta anu aja muzimitse."

"Ndizimitse? Iwe, anthu amachoka kutali kudzafuna zimenezo."

"Pa mpira ndi zabwino. Koma filimu timajambula zithunzi makumi awiri ndi zinayi pa sekondi. Tivi yanu ikaona kuti ndi zochepa, imapeka zake n'kumazilowetsa pakati. Zimenezo sindinajambule ine. Chonde, Adadi. Chinthu chimodzi chokha."

Zinawapweteka kuphunzitsidwa za tivi ndi mwana amene anamuphunzitsa kugwira supuni. Komabe Loweruka m'mawa, nkhani zikuwerengedwa pa dikoda, anatenga rimoti, nalowa m'makonzedwe a chithunzi, natsika mpaka pa mafuta, nazimitsa. Anayang'ana mawu oti chazima kawiri konse, nauza mkazi wawo kuti akhale mboni.

Basi ya mwanayo inachedwa. Pamene ankalowa, chikwama kumsana, pabalaza panali patadzaza kale. Achimwene awo a a Mainchesi, mphunzitsi wopuma amene sanakhulupirirepo kuti kugulitsa mativi ndi ntchito, anali pa mpando wa pakati. Azakhali anali pambali, foni m'manja, ndipo alamu awiri anakhala pa mipando ya kukhitchini. Mwanayo anapereka moni kwa aliyense mogwada pang'ono, kenako ananong'oneza bambo ake.

"Mwazimitsa?"

"Ndi dzanja ili. Funsa amako."

"Ndingoonako pang'ono."

"Pamaso pa alendo? Rimoti ya m'nyumba muno ili ndi mwini wake. Bweretsa laputopuyo."

Kumbuyo kwa tivi kunali mabowo anayi olowetsamo zingwe. Loyamba linali la dikoda. A Mainchesi analowetsa chingwe cha laputopu m'bowo lachiwiri, nasintha tivi kuti ionetse za kumeneko. Makatani anatsekedwa. Analankhula mawu otsegulira kwa mphindi zisanu, momwe anatchulamo mizinda itatu ya kunja, ndipo filimu inayamba.

Inali nkhani ya mayi wochapa zovala m'chipatala amene wapeza kalata m'thumba la malaya a wodwala amene wamwalira, ndipo akufuna kuipereka kwa mkazi wa malemuyo, mkaziyo asanakwere basi. Poyamba a Mainchesi anasangalala. Zonse zinkayenda myaa, ngati mmene amakondera. Koma mayi uja atayamba kuyenda m'khonde la chipatala, azakhali anaseka.

"Koma izi zikungokhala ngati masewero aja achinyamata amajambula ndi foni kuseri kwa tchalitchi."

Alamu anasekera m'manja. A Mainchesi anayang'anitsitsa, ndipo nawonso anaona. Khondelo silinkaoneka ngati chipatala. Linkaoneka ngati chipinda chimene anthu akokeramo mabedi awiri kuti anamizire chipatala. Mayiyo sankaoneka ngati wochapa wotopa, koma ngati munthu wovala yunifolomu yobwereka amene wauzidwa kuti yenda apa, ima apo. Atayamba kuthamangira basi m'mbali mwa mpanda wa zitsulo, zinthu zinafika poipa. Kuzungulira mutu wake kunkanjenjemera ngati mpweya wa pamwamba pa mbaula, zitsulo za mpandawo zinkathyoka n'kulumikizananso, ndipo dzanja logwira kalata linasungunuka kwa kamphindi.

"Dzanja lapita kuti?" anafunsa achimwene. "Kapena kusukuluko sanafike pa mutu wa manja?"

Apa ndiye chiseko chinaphulika. Mwanayo anaimirira, naimitsa filimu pa laputopu, natambasula dzanja kwa bambo ake. Sanapemphe. A Mainchesi, osadziwa kuti zachitika bwanji, anangoona rimoti yachoka m'manja mwawo. Mwanayo anadina kangapo, ndipo pa tivi yaikulu ija, m'zilembo zoti ngakhale wa kukhomo awerenge, panaoneka kuti mafuta ali oyaka, odzaza mpaka kumapeto.

"Chinthu chimodzi, Adadi," anatero motsitsa mawu. "Mukanangondiuza kuti simukufuna."

"Ndinazimitsa! Mayi ake, nenani!"

"Ine ndinangoona mukudinadina," anatero mkazi wawo, maso ali pansi.

Mwanayo anazula chingwe, nanyamula laputopu, nakalowa kuchipinda. Alendo anamwa tiyi mwamsangamsanga. Potsanzika, achimwene anagwira phewa la a Mainchesi n'kunena kuti ana onse sangakhale ndi mutu wofanana, ndipo kauntala ya sitolo siinaphepo munthu. Azakhali anatuluka akulemba kale pafoni.

A Mainchesi anatsala okha ndi tivi yawo. Ankadzimva ngati munthu amene wagwidwa ndi katundu wakuba, chonsecho sanabe. Anabwezera tivi ku dikoda, nalowa m'makonzedwe: mafuta ozima. Anapita ku bowo lachiwiri: oyaka. Anabwerera: ozima. Anapitanso: oyaka. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

Tiviyo inkasunga makonzedwe a bowo lililonse paokha. Zimenezi ankazidziwa! Anaziuzapo ogula kangati, kuti mukasintha za dikoda musaganize kuti mwasinthanso za masewera a ana? Koma pa zaka makumi awiri anali asanazimitsepo mafuta pa tivi iliyonse, moti sanakhalepo ndi chifukwa choyendera mabowo onse. Mativi amafika kuchokera ku fakitale mafuta ali oyaka kale paliponse. Iwo ntchito yawo inali kungowonjezera.

Foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa azakhali pa gulu la banja: zithunzi zitatu za nkhope zoseka, ndi mawu oti mwana wathu wayesetsa ndithu, timupempherere. Anthu asanu ndi awiri anali atauona kale.

Anagogoda kuchipinda. Mwanayo anali akupinda zovala zimene anali asanazitulutse n'komwe bwinobwino.

"Ndikwera basi ya folo koloko," anatero osatembenuka.

"Ndinazimitsa pa bowo la dikoda. Laputopu yako ndinailowetsa pa lina." Mawuwo ankatuluka ngati akukoka msomali m'thabwa. "Sindinakunamize. Ndinalakwitsa ntchito yanga yomwe. Ndipo utafuna kuona, ndinakukaniza."

Mwanayo anasiya kupinda.

"Bwera undionetse. Ine ndekha."

Anabwera, mwina chifukwa chotopa kukangana. Analowetsa chingwe yekha, nazimitsa mafuta pa bowo lachiwirilo, nakhala kumapeto kwenikweni kwa sofa, chikwama pamiyendo.

Mphindi zoyambirira maso a a Mainchesi anakana. Kamera ikatembenuka, chithunzi chinkagwedera pang'ono, ndipo chala chawo chinkayabwa kufuna rimoti. Anachikhalira. Kenako anaiwala. Khonde lija linatalika n'kukhala chipatala chenicheni, cha fungo la mankhwala. Mayi uja analemera miyendo ngati munthu amene waima chiimire kuyambira mbandakucha. Pothamanga m'mbali mwa mpanda, zitsulo zinkadutsa mwachizimezime, dzanja lili lonse, kalata ili pepepe, ndipo a Mainchesi anadzipeza atasendera kutsogolo kwa mpando, akuopa kuti basi imusiya. Basiyo inamusiyadi. Mayiyo anaima pamsewu akupuma wefuwefu, nayang'ana kalata ya eni ake, osadziwa ngati aitsegule.

Mayina a osewera atayamba kukwera pa tivi, mkazi wawo ataima pakhomo la khitchini, a Mainchesi anatembenukira kwa mwana wawo.

"Anaitsegula?" anafunsa.

"Sindinajambule zimenezo."

Anagwedeza mutu. Anafuna kunena kuti filimu ngati imeneyi anaionapo kunja kokha, m'holo ya mipando yofiira, koma anaona kuti lero si tsiku lake.

"Ndi yabwino, mwana wanga."

"Mwaiona ndinu nokha," anatero mwanayo. "Enawo aona zina, ndipo zimenezo ndi zimene azikamba pamaliro ndi paukwati mpaka ndidzakalambe."

Nthawi inali itadutsa pang'ono thuu koloko. A Mainchesi anatulutsa foni. Kuwaitananso anthu aja kunkatanthauza kuwauza mmodzimmodzi kuti katswiri wa mativi, amene anawagulitsa onsewo mativi a m'nyumba zawo, walephera kukonza yake. Achimwene akanaisunga nkhani imeneyi ngati chuma, n'kumaitulutsa chaka chilichonse. Ndipo panalibe chotsimikizira kuti abwera, kapena kuti akabwera aona kusiyana.

"Ukhala mpaka abwere?" anafunsa.

"Basi ndi ya folo, Adadi."

Anadina nambala ya achimwene. Inaitana kanayi.

"Ndaiwalako chiyani, a Mainchesi?"

"Achimwene, mwafika pati? Tembenukani. Zija munaseka zija sizinali za mwana, zinali zanga."

"Zanu bwanji? Munaseweramo inu?"

"Ndinalakwitsa kutchera tivi."

Pafoni panamveka kuseka kwapansipansi, kwa munthu amene wadikira zaka zambiri.

"Tabwerezani, netiweki ikuvuta kuno."

A Mainchesi anayang'ana mwana wawo, amene anali asanatule chikwama pamiyendo. Anakweza mawu, nabwereza.