Dzina la Pamwamba

Bambo Januario anali ndi lamulo limodzi lomwe Jesinta ankadana nalo. M'kashopu kawo kosindikiza, kuseri kwa msika wa Ndirande, pepala silinkalowa m'makina lisanawerengedwe mokweza poyerekeza ndi zomwe kasitomala analemba pamanja, kenaka n'kuliwerenganso chobwerera, kuyambira pansi. Mkuluyu anagwira ntchito zaka makumi awiri pa kampani ina yosindikiza ku Makata, ndipo ankakonda kunena kuti diso ndi laulesi, limaona zomwe mutu ukudziwa kale. Jesinta, yemwe ankatayipa pakompyuta, ankangoti ndi zaukalamba basi.

Tsiku lina ntchito inali ya Jesinta mwiniwake: pulogalamu ya mwambo wovundukula chiliza cha bambo ake. Mawu ake analemba ndi mayi ake, papepala long'amba m'kope. Ndipo m'mawumo munali chinthu chomwe banja linachilimbana zaka zambiri. Malemuwo asanabwere m'tauni anabereka mwana ku Nsanje, dzina lake Anjelina, yemwe kunyumba kwawo ku Bangwe sankatchulidwa n'komwe. Ngakhale pamaliro anakhala kumbuyo ngati mlendo. Koma chaka chino mayi anafewa mtima, anamuimbira okha foni kuti abwere Loweruka, ndipo akatekisiti akamawerenga mayina a ana m'pulogalamu, iyenso adzaimirire pamodzi ndi abale ake.

Jesinta nkhaniyi anailandira, ngakhale mumtima inkamubaya pang'ono, poti chibadwire pakhomopo mwana woyamba anali Jesintayo. Pa mbiri ya malemu anatayipa mosamala kuti anasiya ana asanu. Anawerenga pulogalamu yonse katatu pakompyuta, osapeza kanthu. Ndiye a Januario atamuuza kuti asindikize pepala limodzi akhale pansi awerenge, anawayankha mokwiya kuti zamumtima mwake sangazilakwitse, komanso mapepalawo akufunika kutchalitchi madzulo omwewo. Mkuluyo sanatsutse ayi. Anangokoka mpando, kuvala magalasi awo omanga ndi ulusi aja, n'kunena kuti zamumtimazo n'zomwe amaziopa kwambiri.

Anayamba chakutsogolo, Jesinta akuwerenga mokweza, iwo akutsatira ndi chala papepala la mayi. Koma mtsikanayo ankathamanga ngati akulakatula pemphero. Atafika pa mayina, wogulitsa matumba anasuzumira pakhomo kufunsa fotokope, a Januario anakweza mutu kumuuza kuti adikire, ndipo pomwe ankabwezera maso papepala n'kuti Jesinta atamaliza kale, akuimirira.

"Khala pansi, mwanawe. Chobwerera sitinachite."

Anakhala, nkhope ili gwaa. Ulendo uno anasinthana: iwo akuwerenga zolemba pamanja kuyambira mzere womaliza, iye akutsatira pa losindikiza, ataika rula pamwamba pa mzere kuti aziona umodzi wokha. Chobwerera mawu sakoma, salumikizana, ndiye munthu sungalote zomwe zikubwera, umangoona zomwe zilipo. Anadutsa mawu othokoza, nyimbo yotsekera, kenaka anafika pa mayina a ana. Olive, chitsiriza, analipo. Tionge analipo. Daniel analipo. Jesinta analipo.

"Anjelina," anawerenga a Januario.

Jesinta anakweza rula. Pamwamba pa dzina lake panali mutu wokha woti Ana a Malemu.

Anabweza rula pansi, kukwezanso, ngati dzinalo labisala. Panalibe. Jesinta, Daniel, Tionge, Olive: umu ndi momwe ankaitanidwira kuyambira ali ana, pogawana ndiwo, popita ku Misa, ndipo zala zake zinangoimba nyimbo yomweyo osayang'ana papepala. Katatu konse diso linadutsapo n'kuvomera. Anaona m'maganizo Anjelina, mayi wa ku Nsanje uja, atavala nsalu ya mwambo, akudikira dzina lake, anayi ataimirira, akatekisiti akupita pa nyimbo. Ndani akanakhulupirira kuti sanachite dala? Ngakhale iye mwini sanathe kulumbira, ndipo izi n'zomwe zinamuchititsa manyazi koposa.

A Januario sanamuseke, ngakhale mpata unalipo. Anavula magalasi, n'kupita kukamuthandiza wa fotokope uja.

Jesinta anayang'ananso pepala la mayi ake. Dzinalo linali pamwamba penipeni, lolembedwa modinikiza mpaka cholembera chinatsala pang'ono kuboola pepala. Mayi sanachite kulifinyira m'mbali ngati loiwalika, anayamba nalo. Anabwerera pakompyuta, anatsitsa dzina lake mzere umodzi, n'kutayipa la Anjelina pomwe panali lake. Atasindikiza pepala lina anawaitana a Januario kuti awerengenso. Mkuluyo anafunsa ngati akufuna chobwerera.

"Chobwerera tichita," anatero Jesinta. "Koma poyamba ndiwerenge kuchokera pamwamba, mokweza. Achemwali angawa sindinawatchulepo koyambirira kwa mayina athu, pakamwa pazolowere Loweruka lisanafike."