Diso la Graça pa Malonda a Sikirini

Bizinesi ikazizira, munthu umachenjera mopusa. Lachinayi lina ndinatsegula dirowa ya mafoni amene eni ake sanabwerenso, ndinasankha yosweka kwambiri, n'kuitchaja, n'kuijambula. Mbali imodzi ya sikirini inali bii, inayo ikuonetsa diso limodzi la mtsikana amene ankaseka. Pansi pake ndinalemba kuti: "Yanu ili chonchi? Bwerani kwa Ednilson, msewu wa kumalire. Loweruka ndi Lamlungu lokha, kusintha sikirini tachotsera 30 peresenti. Maola awiri, yatheka." Ndinaponya m'magulu onse a pa Watsapu, ndikudziona ngati dolo.

Loweruka m'mawa ndinapeza mayi wina atakhala pakhonde, miyendo ili mbuu ndi fumbi.

"Ndine Januária, ndachokera ku Majaua. Aneba andionetsa malonda anu. Diso lija ndi la Graça, mwana wanga. Tinamuika mu Epulo."

Mtsikanayo ndinamukumbukira. Anasiya foniyo ponena kuti adzabwera akagulitsa nyemba. Ine ndinali nditakonza zoti Lolemba ndiifufute zonse, ndiigulitse. Ndinachita manyazi, ndiponso mantha.

"Ankakonda kudzijambula akuyimba," anatero mayiwo. "Mawu akewo alimobe, bambo?"

"Zonse zimakhala mkati, mayi. Sikirini ndi windo chabe."

Ndinaizimitsa, ndinatenthetsa chivundikiro chakumbuyo kuti guluu afewe, n'kumasula timasikuluu. Batire ndiye woyamba kumuchotsa pa moto, apo ayi umapsereza bolodi, mtima wa foni, ndipo Graça akanapita kachiwiri m'manja mwanga. Ndinazula kalamba kopyapyala kolumikiza sikirini, ndinatenthetsa galasi loswekalo, n'kulitukula pang'onopang'ono ndi kapulasitiki. Sikirini yatsopano sitimata tisanaiyese. Nditailumikiza ndi kuyatsa, nkhope yonse inatulukira patebulo langa. Mayi aja anagwira pakamwa.

Koma foniyo inkafuna pateni, kamzere kotsegulira kamene mwini wake amajambula ndi chala. Mayi Januária sankakadziwa, ndipo kuichotsa mokakamiza n'kufufuta zonse.

Ndinatola sikirini yakale ija, n'kuipendeketsa pansi pa nyale. Pa kapulasitiki koteteza galasi panali njira yoperepeseka ya chala chake, kutsika kenako kukhota, ngati kanjira ka kudimba. Ndinatsata ndi chala changa momwe ankadutsa malemu. Ulendo wachiwiri inatseguka.

Ndinamata guluu, n'kumanga ndi mphira kuti agwire. Mayiwo sanadikire kuti aume. Anaika foni kukhutu, mphira zili pomwepo, ndipo m'shopu monse munamveka Graça akuyimba ya kwaya, akulakwitsa, n'kudziseka yekha.

Uthenga wamalonda uja ndinaufufuta tsiku lomwelo, koma unali utawoloka kale mtsinje wa Ruo. Mpaka lero anthu amanditumizirabe. Foni yanga ikalira, ndimapeza diso lija likundiyang'ana, pansi pake munthu atafunsa kuti kuchotsera kuja kukadalipo.