Invata ya Pakhonde la a Fanwell

Magetsi anapita mamawa monga mwa masiku onse, ndipo Winfrida sanalabadire. Invata imene inali pakhonde lamkati, bokosi lopereka magetsi ochokera m'mabatire, inalandira ntchito mwakachetechete, makina a mpweya a bambo ake n'kupitiriza kung'ung'uza pambali pa bedi. A Fanwell, amene anakalambira ku njanji, mapapo awo anali atatha, moti chichokereni kuchipatala ankapumira m'kapaipi ka m'mphuno.

Akutsuka mbale anamva kulira: pii, pii, pii. Anathamanga manja ali ndi thovu. Kanyali kofiira kanali kakuphethira. Asanakhudze kalikonse, kulirako kunasiya, kanyali n'kuzima. Anaima kanthawi, nabwerera kumbale. Sipanapite mphindi zitatu, kunayambanso.

Anaimbira Jethro, wamagetsi wa ku Shimabala amene anawaikira invatayo.

"Ba Jethro, chinthu chanu chilira. Kalaiti kofiira."

"Pansi pake palembedwa chani?"

Anamuwerengera zilembozo.

"Ni ovalodi iyo, katundu wachuluka. Invata yanu imanyamula mawati 1,500 chabe. Makina a badala, atate anu, amadya ngati 350. Mwayatsa chani? Ketulo? Sitovu? Zonse zotenthetsa ndiye adani ake. Ketulo yokha imapitirira mphamvu ya invata yonse."

"Kulibe. Naphikira pa mbaula."

"Giza yotenthetsera madzi sin'nailumikize. Zulani firiji, ikamayamba imakoka kwambiri. Ndili m'basi, ndibwera. Koma mufulumire, ikalira nthawi yaitali imazizimitsa yeka."

Mawu omalizawo anam'khala pamtima. Invata ikazima, makina a mpweya nawo azima.

Anazula firiji. Anazula TV, ngakhale ankadziwa kuti si iyo. Anayenda chipinda ndi chipinda akugwada kuseri kwa mipando, kupapasa masoketi. Zonse zinali zozulidwa. Nyumba inali zii, kupatula makina aja ndi kupuma kwa bambo ake.

Pii, pii, pii.

"Chikulira n'chiyani, mwanangu?" anafunsa a Fanwell, mawu ali otsika.

"Palibe, atate. Gonani."

Nkhalambayo inamuyang'ana osaphethira, ndipo Winfrida anatembenuka msanga. Pa invata, timizere tosonyeza batire tinali titatsika kale pamene timafika madzulo, chonsecho dzuwa linali lisanakwere n'komwe. Chinachake chinali kudya magetsi m'nyumbamo, ndipo iye sankachiona.

Anaimbiranso Jethro. "Nazula vonse. Ilira, ileka, iliranso."

Kumbuyo kwa mawu a Jethro kunkamveka kondakitala akuitanira anthu. "Ilira n'kuleka? Ni ayironi iyo. Ikapsa imazizimitsa, ikazizira imayakanso."

"Ayironi yathu ili m'kabati."

"Nanga chipinda chakumbuyo? Soketi ya mmenemo ili pa waya umodzi na ya kuchipinda kwa badala. Ninakuuzani kuti tizaipatule."

M'chipindamo munkachita lendi Juliet, mtsikana wogwira ntchito m'sitolo ku Lusaka. Babu yake sinali pa invata. Magetsi akapita iye ankangoona mdima, n'kuganiza kuti zonse zafa. M'mawawo Winfrida anamumva akutuluka mothamanga, akudandaula kuti basi imusiya.

Anazungulira kuseri. Pachitseko panali loko wamkulu. Foni ya Juliet inangoitana osayankhidwa. Anaika mphuno pampata wa chitseko ndipo anamva fungo la nsalu yowauka.

M'nyumba invata inayambanso, ulendo uno osaleka. Kenako inasiya mwadzidzidzi. Kung'ung'uza kwa makina kunatha, m'malo mwake kukumveka kulira kwina, kowonda, kwa makina a mpweya amene asowa magetsi.

Anatola khasu limene linali pakhoma, nalowetsa nsonga yake kuseri kwa chitsulo cha loko, n'kukanikiza ndi thupi lonse. Misomali inazuka kachitatu. M'katimo munali utsi wopyapyala. Ayironi inali chafufumimba pa bulangete lopindidwa patebulo, pansi pake pali chibowo chakuda, thabwa litayamba kupsa. Anazula pulagi, naponya bulangetelo panja, n'kuthamanga.

A Fanwell anali atadzuka chokhala, kukamwa kuli yasa, mapewa akukwera ndi kutsika. Winfrida anazimitsa invata, nawerenga mpaka khumi monga anamuphunzitsira Jethro, n'kuyatsanso. Kanyali kobiriwira kanayaka. Makina anatsokomola, nayamba kung'ung'uza. Anagwira bambo ake dzanja mpaka milomo yawo inasiya kuda.

Jethro anafika thukuta lili kamukamu. Anadula waya wopita kwa Juliet, kenako anagwada pa mabatire ndi kachipangizo kake koyezera. Anayang'ana manambala nthawi yaitali.

"Ayironi yadya kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Apa mwina patsala maola awiri. Malaiti abwera nthawi yanji?"

"Dzulo anabwera dzuwa litalowa."

Jethro anapukuta manja pa thalauza. "Funani galimoto. Tiwapereke kuchipatala kukali mphamvu."

Winfrida analowa kukatenga chikwama ndi kadi la kuchipatala la bambo ake.