Tsamba la Glenys

Achimwene anga a Neville anali munthu wolemba chilichonse. Ukawauza kuti mvula ikubwera, ankafunsa kuti wamva kwa ndani, kenako n'kukalemba. Zaka zonse zimene ankayendera mitengo m'nkhalango za kuseri kwa tauni ya Ulverstone, ankasunga zolemba zawo mu pulogalamu ina ya pa tabuleti. Chinthu chilichonse chinali ndi tsamba lake: mtengo, msewu, galu, munthu. Tsiku lililonse nalonso linali ndi tsamba lake, mutu wake deti. Akamalemba dzina ankalitsekera m'mabulaketi awiri, chonchi [[Noelene]], ndipo ukadina dzinalo unkafika pa tsamba la munthuyo. Pansi pa tsambalo pulogalamu inkandandalika yokha masamba onse amene atchula munthuyo, chiganizo ndi chiganizo. Noelene ndine, mlongo wawo wamng'ono, ndipo ndinkawaseka kwambiri.

"Achimwene, kodi ngakhale galu mwam'tsegulira fayilo? Akafunsire ntchito kuti?"

"Iwe seka," ankatero. "Mutu wakowo uli ndi zibowo ngati sefa."

Chakudza sichiimba ng'oma. Zibowo zinayamba m'mutu mwawo. Mlamu wanga Glenys atamwalira, matenda oiwala amene tinkangowaganizira anabwera poyera. Apo ndi pamene masewera aja anasanduka ndodo yawo yoyendera. Ndikagogoda m'mawa, ankayang'ana pa kalendala kuti akubwera ndani, n'kutsegula tsamba langa, n'kuwerenga mndandanda wa pansi uja: dzulo Noelene anabweretsa payi wa nyama, Lolemba Noelene anakangana ndi wogulitsa nkhuni, kalekale Noelene anagwa mumtsinje wa Leven atavala diresi la kutchalitchi. Akamatsegula chitseko anali atandipeza kale. "Wabwera, wogwa mumtsinje," ankatero. Ndinene mosabisa, ine zimene ndinkaopa si imfa yawo ayi. Ndinkaopa tsiku limene adzatsegule chitseko n'kusandidziwa, chifukwa m'banja lathu lonse tinatsala awiriwiri.

Vuto linali tsamba la Glenys. Masabata a matenda ndi maliro achimwene sanalembe kanthu. Pambuyo pake anangowonjezera mzere umodzi pamwamba pa tsamba la mkazi wawo, wonena kuti anamwalira ndi kumene tinamuika. Tsono dzina la Glenys linali paliponse, ndipo kulikonse kumene ayambira kuwerenga, njira inkawafikitsa pa mzere umenewo. Ankaumva ngati uthenga wa lero. Ndinkawapeza atakhala pafupi ndi mbaula ya nkhuni, tabuleti ili pansi, akulira ngati mwana. Mawa lake chimodzimodzi.

Mwana wawo Kirrily anabwera kuchokera ku Melbourne, n'kuona zimenezi kawiri, mtima n'kumupweteka. Ndi mwana wabwino, koma ndi aja oti akaona chinthu chapendekeka manja amawayabwa. Ine ndili kumsika, iye anatenga tabuleti n'kufufuta tsamba la mayi ake.

"Wachita chiyani iwe?" ndinatero atandiuza.

"Azakhali, musandiyang'ane choncho. Ndangoliponya m'bini ya pulogalamuyo, silinatayike. Adadi apume kaye."

"Munthu amam'ponya m'bini?"

"Nanga inu mukufuna azikhala pamaliro tsiku ndi tsiku mpaka liti?"

Kirrily anakwera ndege yake n'kubwerera ku Melbourne.

Chimene Kirrily sanaganize n'chakuti kufufuta tsamba sikufufuta dzina m'masamba ena. Mabulaketi onse aja anatsala mmene analili, akuloza pamalo popanda kanthu. Pulogalamuyo ili ndi chithunzi chonga ukonde wa kangaude, tsamba lililonse kadontho, ulusi kuchoka pa kadontho kupita pa kanzake. Tsiku lina masana, mvula ikuwaza pa malata, achimwene anandiitana.

"Noelene, tabwera uone. Uyu ndi ndani?"

Pakati pa ukonde wonse panali dontho lotuwa, losawala ngati anzake. Ulusi wochokera kumitengo, kumisewu, kwa galu, kwa ine, kwa Kirrily, wonse unkathera pamenepo. Pansi pake dzina, Glenys.

"Chilichonse m'nyumba muno chikumuloza," anatero chapansipansi, "koma alibe tsamba. Ine sindisiya munthu wopanda tsamba. Wam'chotsa ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, chala chawo chinali chitadina kale. Dzina lopanda tsamba ukalidina, pulogalamu imakutsegulira tsamba latsopano. Linatseguka loyera mbee, mutu wokha. Koma pansi pake mndandanda uja unabwerera wonse, wautali wosaona mathero. Glenys wabzala maluwa kukhonde. Glenys akuti ndisiye kuyenda ndi nsapato za matope m'khitchini. Glenys wapambana mpikisano wa jamu. Anawerenga mpaka tiyi anazizira, nkhope ikuwala. M'mizere yonseyo munalibe Glenys wakufa.

"Ndi mkazi wanga," anatero. "Wapita kuti?"

Ndinati watuluka. Mawuwo anangotuluka okha.

Kulira kunatha, zoona. Anayamba kumeta ndevu m'mawa uliwonse ndi kuika makapu atatu patebulo, yachitatu ya Glenys. Ndinaimbira Kirrily kuti abweze tsamba lija.

"Koma akudya, eti? Akugona?" anafunsa.

"Akudya. Akudikiranso munthu amene ali kumanda."

"Azakhali, kudikira n'kulira chabwino n'chiti? Tasiyani kaye."

Ndinasiya, chifukwa nanenso ndinali nditatopa ndi misozi. Walira mvula walira matope.

Nyumba ija inayamba kundilemera. Ndikafika, achimwene ankatsegula chitseko akumwetulira, koma moni wa mtsinje uja unasowa, dzina langa osalitchula. Ndikamatsuka mbale ndinkamva maso awo kumsana kwanga. Kamodzi ndinapeza sweta yobiriwira ya Glenys, imene ndinaipinda ndekha m'katoni, itapachikidwa pampando umene ndimakhalapo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Maluwa ako akufuna madzi." Ine maluwa ndilibe, ngakhale duwa la m'chitini limandifera.

M'mawa wina akusamba, ndinatsegula tabuleti n'kupita pa tsamba la Glenys. Tsambalo linali loyerabe, koma mndandanda wa pansi unali utakula. Munali madeti a mwezi womwewo. Glenys wabwera ndi payi wa nyama. Glenys wakolezera moto. Glenys wakalipira wogulitsa nkhuni, pakamwa pake pakuthwa masiku ano. Glenys anachoka madzulo, sananene kopita. Mzere wa dzulo lake unati Glenys wavala jekete yofiira. Ndinadziyang'ana. Jekete yofiira inali pathupi panga.

Ndinatsegula tsamba langa. Zakale zonse zinalipo, palibe chinachotsedwa. Koma mzere womaliza unali wa tsiku la mvula lija. Kuchokera pamenepo, zii. Payi aliyense amene ndinaphika, nkhuni iliyonse imene ndinanyamula, anazilemba pa dzina la womwalira, ndipo m'mawa uliwonse ankawerenga zimenezo n'kukhulupirira, poti zinali zolemba zawo zomwe. Ndinamva nsanje, ndikuvomera, nsanje yeniyeni pa mlamu wanga amene ndinamusambitsa ndi manja angawa akudwala. Ndinamvanso mantha, ngati wina waima kumbuyo kwanga m'khitchinimo akundidikira kuti ndisunthe.

Ndinaimbira Kirrily pomwepo.

"Lero lomwe. Undiuze podina, apo ayi ndikwera sitima ndidzakukoke makutu komweko."

Sanatsutse. Ananditsogolera pa foni mpaka m'bini muja, ndipo ndinakopera mawu a tsamba lakale n'kuwaika pa latsopano, mzere wa maliro pamwamba ngati kale. Ndinkadziwa kuti ndikuwabwezera kulira. Ndinkati bola alire koma andidziwe.

Anatuluka kubafa atapesa bwino, akununkhira sopo. Anakhala pampando wawo n'kutenga tabuleti. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja. Ndinaona pamene maso awo anafika pa mzere uja. Misozi inayamba. Koma ulendo uno sanaike tabuleti pansi. Chala chinatsika pa mndandanda, n'kuima.

"Apa akuti anamwalira," anatero, osayang'ana kwa ine. "Apa akuti dzulo anakolezera moto. Zonsezi ndalemba ndine."

"Achimwene, amene anakolezera moto ndine. Munasokoneza mayina. Ndine Noelene."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, mwaulemu ndithu, ngati mmene amayang'anira anesi obwera kudzawayeza magazi. Kenako anabwerera ku tabuleti. Ndinaona akulemba dzina langa pofufuzira. Mumtima ndinati tsopano andipeza. Anawerenga za mtsinje wa Leven n'kumwetulira pang'ono misozi ili m'masaya. Anatsika, natsika, mpaka pa mzere womaliza. Anayang'ana deti lake, n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma.

"Noelene ndi mlongo wanga," anatero. "Koma anasiya kubwera kuno. Onani, palibe."

"Ndabwera tsiku lililonse! Ndili pano, achimwene, ndiyang'aneni!"

Kukuwa kwangako kunawaopsa. Anakumbatira tabuleti pachifuwa n'kudzikokera m'mpando. Ndinadziluma lilime, ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono za mabulaketi, za bini, za Kirrily. Ndinati tikhoza kukonza, tingolowa tsiku ndi tsiku n'kusintha dzina. Anapukusa mutu.

"Ayi mayi, zolemba zanga asagwire munthu. Ndikayamba kulola zimenezo, nditsala ndi chiyani?"

Kunja galimoto ya zinyalala inadutsa, galu wa a neba n'kuuwa. Achimwene anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Kenako anandigwira dzanja, mofatsa, ngati munthu wopempha njira kwa mlendo.

"Inu mukuoneka munthu wabwino," anatero. "Ngati mumam'dziwa Noelene, mukamufunse kuti ndinamulakwira chiyani. Mkazi wanga wamwalira, ndipo iye sanabwere n'komwe kudzandiona."