Maziro a m'Kaundula wa Tiyi

Teleza anabwerera kwawo kwa Changata ku Thyolo ali ndi digiri ya masamu, koma chaka chinatha makalata ake ofunsira ntchito osayankhidwa. Paliponse ankafuna munthu woti anagwirapo kale ntchito. Mnzake Mervin, katswiri wosanthula ziwerengero, zomwe amati deta, ku Blantyre, ataona zimene Teleza anaika pa GitHub, tsamba la pa intaneti loonetserapo ntchito za pa kompyuta, sanamubisire mawu.

"Izi zolosera mitengo ya nyumba za kunja, aliyense wophunzira amachita zomwezi. Peza funso lakolako."

Funsolo analipeza pa shedi pomwe amayi ake ankakayezetsa tiyi. Masabata ena masamba ankachuluka mpaka kufota podikira lole, ena lole inkabwerera yosadzaza. Kodi mvula singauziretu kuchuluka kwa masamba a sabata yamawa?

Komiti ya alimi inamulola kukopera makaundula a zaka zinayi, bola mayina a anthu asaoneke. Anakhala miyezi iwiri akulemba makilogalamu pa laputopu, n'kuwalumikiza ndi miyezo ya mvula ya ku esiteti yoyandikana nayo. Miyezo ya zaka zitatu anaphunzitsira modelo yake, pulogalamu ya pa kompyuta yolosera, chaka chomaliza anachisunga kuti adzaiyesere.

Zotsatira zinamudabwitsa. Modeloyo inkati mvula ikachuluka, tiyi amachepa.

Anapita kwa a Stafford, kalaliki wa pa shedi, n'kuwaonetsa masiku olembedwa ziro.

"Masiku amenewa anthu sanatchole?"

A Stafford anaseka. "Iwe mwana, tiyi angasowe mu Januwale? Lole ndiye inkakanika kudutsa m'matope. Masambawo ankawasenza kukayezetsa ku shedi ya kumtunda. Ine ndikanalemba chiyani?"

Apa Teleza anazindikira pomwe analakwitsa. Miyezi yonseyo ankawerenga msewu, iye n'kumati akuwerenga munda. Anapita kumtundako, napeza ena mwa makilogalamuwo. Masiku otsalawo anawalemba kuti miyezo yake ikusowa, osati ziro. Atayesanso, modelo inaposa pang'ono chabe njira yongoyang'ana sabata yomweyo ya chaka chatha. Mtima unamuuza kuti abise zimenezi, koma pa tsamba loyamba la lipoti lake analemba zonse: funso lake, kumene detayo inachokera, nkhani ya maziro, ndi pomwe modeloyo imalephera.

Atatumiza lipotilo pofunsira ntchito, kampani ina yogula mbewu ku Limbe inamuitana. Mayi Daisy Malizani, omwe ankafunsa mafunso, sanachedwe pa magirafu a mu lipotilo.

"Munadziwa bwanji kuti maziro aja ndi abodza?"

"Sindinadziwe, mayi. Zotsatira zinatsutsana ndi zomwe ndakhala ndikuona kuyambira ndili mwana, ndiye ndinakafunsa amene analemba."

Mayiwo analemba kena kake papepala. "Tili ndi makaundula a madepoti khumi ndi awiri, palibe amene amawakhulupirira. Tikuyesani miyezi isanu ndi umodzi. Mungayambe Lolemba?"

Teleza anavomera. Ali mu minibasi yobwerera ku Thyolo, ankangoganiza za makalaliki khumi ndi awiri amene anayenera kuyamba wacheza nawo.