Mzere umene sunaoneke

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinaphunzitsa za sipuling'i, waya wopotana wotamuka uja, osaigwirako ndi dzanja. Sukulu yathu ya ku Mwenilondo inalibe chipangizo ngakhale chimodzi. Ndinali ndi pepala limodzi lokha la galafu lomwe ndinalipeza m'kabati, lofufuma ndi chinyezi, inki itafwifwa.

Chaka cha 1983 ndinali ndi Keziya, mtsikana wa ku Kaporo wa mutu wakuthwa. Bambo ake ananena mosapsatira mawu kuti akalephera mayeso a Fomu 4 abwerera kukawokera mpunga, ndipo mwamuna womukwatira analipo kale. Masabata atatu a maphunziro anathera ku magule a chipani, choncho ndinkamubwerezera maphunzirowo masana. Ankameza mawu anga onse osatafuna, ndipo ine ndinkanyada nazo.

Tsiku la pepala la sayansi, ana ali m'holo, kunafika mphunzitsi watsopano wochokera ku Dedza, a Hudson. M'chikwama mwawo munali sipuling'i yeniyeni. Anaikoleka pa msomali wa chitseko, n'kumangirira kachitsulo kumunsi. Katakhazikika, analemba chizindikiro ndi choko.

"Apa ndi pakati, achimwene," anatero.

Anakakokera pansi masentimita anayi n'kukasiya. Kanakwera kudutsa choko chija mpaka masentimita anayi pamwamba, n'kubwereranso. Tinawerenga maulendo khumi opita ndi kubwera pa masekondi khumi.

"Piriyodi, nthawi ya ulendo umodzi, ndi sekondi imodzi," ndinatero mokondwa. "Pa galafu, kuchoka pa nsonga kufika pa nsonga inzake."

"Eya. Nanga ampulichudi, kutalika kwa kugwedera kwake?"

"Eyiti. Kuchoka pansi penipeni kufika pamwamba."

A Hudson anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Folo, achimwene. Timayeza kuchoka pakati, pomwe kachitsulo kamapumira."

Ndinathamangira pepala langa lija n'kuliyang'anitsa padzuwa. Mzere wapakati unalipo ndithu, koma utazilala ngati chipsera chakalekale. Ndinakwiyira pepala, ndinakwiyira kabati, ndinakwiyiranso a Hudson pobwera lero m'malo mwa dzulo. Koma wolakwa ndinali ine, ndipo manyazi anandigwira.

Belu linalira. Keziya anatuluka m'holo akuthamanga, nkhope ili ngwee.

"Sala, ndaga, zikomo kwambiri!" anatero, akuthokoza m'Chinkhonde ndi m'Chichewa momwe. "Funso loyamba la sipuling'i linabwera, ndipo mafunso ena atatu amadalira yankho lake. Zina zinandivuta, mwina ndili pa malire penipeni. Koma ilo lokha lindipulumutsa."

"Ampulichudi unayeza bwanji?" ndinamufunsa.

"Mmene munandiphunzitsira, sala. Kuchoka pansi kufika pamwamba. Anzanga ena anayambira pakati, ndawauza kuti alemba m'madzi."

Kumbuyo kwanga kachitsulo kanali kakugwederabe pang'ono pafupi ndi choko chija. A Hudson anatembenukira kukhoma. Ine ndinatsegula pakamwa, koma Keziya anali atanyamuka kale kukalembera bambo ake kalata yoti asadandaule.